Par ailleurs ndi en revanche: imelo yanga yakwiyitsa kasitomala wa ku Lubumbashi

Anaphiri:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni chonde, lero mutu waima. Ndimagwira ntchito pa kakampani kena kotumiza katundu kuno ku Lilongwe, ndipo poti ndine ndekha amene ndinalawako Chifalansa kusekondale, makalata onse a ku Congo amagwera ine. Tili ndi kasitomala ku Lubumbashi amene anaitanitsa matumba 600 a mpunga. Thiraki yoyamba, ya matumba 400, yafera ku Ndola, ndiye m'malo mofika Lachiwiri ifika Lachinayi. Yachiwiri, ya matumba 200, ilibe vuto, ifika Lachisanu monga tinapanganira. Abwana anati ndiwadziwitse zimenezi, ndiwakumbutse kuti ndalama yotsala sinalowebe, ndipemphenso adiresi ya depoti yawo. Ine ndinalemba chonchi:

Bonjour Monsieur,
Le camion est tombé en panne à Ndola. Par ailleurs, la livraison aura deux jours de retard. En revanche, nous n'avons pas reçu votre paiement. D'ailleurs, les 200 sacs arrivent vendredi. Aussi, merci de nous envoyer l'adresse du dépôt.
Cordialement,

Patangotha mphindi khumi ayankha mzere umodzi, opanda n'moni yemwe: « Dois-je comprendre que la livraison dépend du paiement ? » Akufunsa ngati tikutanthauza kuti katundu sabwera mpaka alipire. Inetu sindinanene zimenezo! Ndalakwitsa pati? Galamala ndaiyang'ana katatu, sindikuona cholakwika.

Nkhoma wa Mathiraki:
Achemwali, ingowaimbirani foni basi. Ine ndakhala pa boda la Zambia ndi Congo la Kasumbalesa zaka zisanu ndi zitatu, anthu a ku Lubumbashi ndimawadziwa, nkhani imatha pakamwa. Komanso mawu anuwo ndi olemera kwambiri. Kumeneko ndi "par contre" basi, en revanche yo ndi ya m'mabuku. Par ailleurs, en revanche, par contre, zonsezo ndi "koma". Musadzivutitse.

Anaphiri:
Achimwene, foni ndiimba, koma abwana akufuna zonse zikhale zolembedwa chifukwa pali ndalama. Ndiye ndiyenera kuyankha imelo lero lomwe.

A Mbewe:
Mayi Phiri, galamala yanu ilibedi vuto. Chiganizo chilichonse pachokha ndi Chifalansa chabwino. Chimene chakupwetekani ndi timawu tinayi timene mwaika kumayambiriro kwa ziganizo. Mwataika ngati zokongoletsa, koma wowerenga Chifalansa amatitenga ngati zikwangwani za pamsewu. Kakati "khotera kumanja" iye akhotera kumanja, ngakhale inu mumafuna apite molunjika. Ndamasulira makalata a m'maofesi zaka zambiri ndisanapume, ndipo zangati izi ndaziona kambirimbiri.

Tiyeni tiwerenge kalata yanu monga mmene bambo aja aimvera, m'Chichewa.

"Thiraki yafera ku Ndola. Nkhani ina yosakhudzana ndi imeneyi, katundu achedwa masiku awiri." Apa adabwa kale. Par ailleurs amauza wowerenga kuti nkhani ija tayamba taisiya, tikutsegula ina. Ndiye ngati kuchedwa kwa katundu ndi nkhani ina, ndiye kuti sikukuchokera pa kufa kwa thiraki. Nanga kukuchokera pati? Funso limeneli lamangika m'mutu mwawo, akudikira yankho.

Yankho lija mwawapatsa pa chiganizo chotsatira: "En revanche, ndalama yanu sitinalandire." En revanche ndi sikelo. Amaika zinthu ziwiri mbali ndi mbali kuti china chilipire kapena chitsutse chinzake. Inu mwaika kuchedwa kwanu mbali iyi, kusalipira kwawo mbali inayo. Munthu amva kuti "ife tachedwadi, koma inunso simunalipire, ndiye tafanana". Kumbukiraninso kuti liwu lakuti revanche palokha ndi kubwezera, kapena masewero achibwereza amene wogonja amapempha. M'mawu akuti en revanche tanthauzo lobwezeralo linazilala kalekale, koma mukawaika pakati pa kulakwa kwanu ndi kulakwa kwa mnzanu limadzukanso.

Ndiye simunalekere pomwepo. Mwabwera ndi d'ailleurs, amene ntchito yake ndi kuthira mchere pa zimene wangonena kumene, ngati "ndipotu" wathu. "Simunalipire. Ndipotu matumba 200 akubwera Lachisanu." Uku ndi kuloza munthu chala. Nkhani yokhayo yabwino imene munali nayo m'kalata monse yasanduka chikumbutso cha ngongole.

A Nkhoma, mwatchula zoona kuti pakamwa par contre ndiye wofala. Koma par ailleurs si "koma" ayi.

Anaphiri:
Mayo ine. Ndiye ndawaopseza bambo aja osadziwa. Nanga Aussi yo? Ine ndimati ndi "komanso".

A Mbewe:
Pakati pa chiganizo inde ndi "-nso": je voudrais aussi l'adresse, ndikufunanso adiresi. Koma akakhala poyambirira pa chiganizo, m'Chifalansa cholembedwa mosamala amatanthauza "choncho", ndipo kawirikawiri mneni amatsogola: Aussi vous demandons-nous de patienter, choncho tikukupemphani kuti mudikire. Alipo ambiri masiku ano amene amayamba chiganizo ndi Aussi kutanthauza "komanso", motengera Chingerezi, ndipo kasitomala wanu mwina anamva zimene mumafuna. Kameneka sindiko kanayatsa moto. Komabe kachotseni.

Chisale Wamng'ono:
Ine ndikuona ngati vuto ndi Cordialement. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kalata yaulemu imatha ndi Veuillez agréer, Monsieur, l'expression de mes salutations distinguées. Mwina akwiya poona kuti simunawalemekeze.

Anabanda:
Iwe Chisale, wawerenga yankho la bamboyo? Sanadandaule za malonje, wafunsa za ndalama. Ine ndili ku Lyon, ku France, chaka chachinayi tsopano, pa imelo ya ntchito Cordialement ndiye wa tsiku ndi tsiku. Veuillez agréer timasungira kalata yofunsira ntchito kapena yopita ku boma.

Anaphiri, musadzimvere chisoni, ine zinandionekera ndi pourtant. Nditangofika kumene ndinalembera mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga kuti « Je vous ai pourtant envoyé le document lundi ». M'mutu mwanga ndimati ndikunena kuti "komabe ndinatumiza Lolemba", mofatsa. Mnzanga wa kuno ataiona anagwira pakamwa. Akuti pourtant akakhala pamenepo ndi ngati kunena kuti "si ndinakutumizirani kodi, simunaone bwanji?" Mayi aja anayankha mwaulemu koma mozizira ngati madzi a mu June. Kuyambira pamenepo pourtant ndimamuopa, ndimalemba cependant kapena toutefois, amene alibe mkwiyo.

Nkhoma wa Mathiraki:
Mukuona? Mawu onsewa ndi misampha. Ine ndimalemba "mais" ndi "et", palibe anandikwiyirapo.

A Mbewe:
A Nkhoma, musaseke, pamenepo mwalasa. Kalata ya mizere isanu yokhala ndi mais mmodzi pamalo oyenera imaposa ya timawu tinayi tapamwamba toikidwa molakwika. Vuto la mayi Phiri silinali kuchepa kwa mawu olumikizira, anachulukitsa. Pafupifupi chiganizo chilichonse chinali ndi kake.

Ndimaona kuti ife olankhula Chichewa timagwa chifukwa chakuti "koma" wathu ndi mtanga waukulu. Timanyamuliramo zambiri. "Ndi wamfupi koma mkulu wake ndi wamtali." "Kunagwa mvula koma tinapita." "Sindikufuna tiyi koma phala." Ndiye pali "komanso", amene sakutsutsa chilichonse, akungowonjezera. Chifalansa cholembedwa chimagawa katunduyu m'mitanga ingapo. Choyamba chija, anthu awiri poyerekeza, ndi en revanche. Chachiwiri, pamene chinthu chachitika ngakhale panali chotchinga, ndi cependant, toutefois kapena néanmoins. Chachitatu ndi mais. Ndipo "komanso" ndi de plus kapena en outre ngati mukupitiriza nkhani yomweyo, par ailleurs ngati mukusintha nkhani.

Tsono mayi Phiri, tisanakhudze Chifalansa, ndiyankheni m'Chichewa. Pa nkhani zisanu zimene muli nazo, kufa kwa thiraki, kuchedwa, thiraki yachiwiri, adiresi ndi ndalama, ndi iti imene bambo aja akufuna kumva poyamba akatsegula imelo? Ndipo ndi ziti zimene zili pachibale?

Anaphiri:
Akufuna kudziwa tsiku limene mpunga ufike. Kufa kwa thiraki ndi chifukwa chake cha kuchedwako. Thiraki yachiwiri ndi nkhani yomweyo ya kufika kwa katundu, kungoti iyo ndi yabwino. Adiresi ikufunika kuti dalaivala akatsitse. Ndalama ndiye ili payokha, abwana sananene kuti tigwire katundu.

A Mbewe:
Basitu, kalata mwailemba kale. Zinayi zili m'nyumba imodzi, ndalama ili m'nyumba ina. Ndiye ndime ziwiri. Taonani:

Bonjour Monsieur,

La livraison des 400 sacs, prévue mardi, aura lieu jeudi. En effet, le camion est tombé en panne à Ndola. Nous vous prions de nous excuser pour ce retard. Le second camion (200 sacs), en revanche, arrivera vendredi comme convenu. Pourriez-vous nous confirmer l'adresse du dépôt ?

Par ailleurs, sauf erreur de notre part, le solde de la facture ne nous est pas encore parvenu. Ce point est sans effet sur la livraison.

Cordialement,

Mawu ake ndi omwe aja munali nawo, angosamuka. En revanche tsopano waima pakati pa mathiraki awiri: iyi yachedwa, iyo siichedwa. Zinthu ziwiri za mtundu umodzi, funso limodzi lakuti "ifika liti", mayankho awiri osiyana. Pamenepo ndiye pamudzi pake. Ndamuika pambuyo pa "le second camion" dala, kuti diso ligwere pa thiraki yachiwiriyo, komanso chifukwa pakati pabwera chiganizo chopepesa. Ndikanayamba naye chiganizo akanaoneka ngati akutsutsa kupepesako.

Par ailleurs watsikira ku ndime yachiwiri, ndipo ntchito imene anaigwira molakwika poyamba paja, yodula nkhani, pano ndi imene tikuifuna. Akumanga mpanda pakati pa mpunga ndi ndalama. Chiganizo chomaliza ndawonjezera chifukwa bambo aja afunsa kale funso limenelo. Ikanakhala kalata yoyamba sindikanachiika, mpanda wa par ailleurs ukanakwanira.

En effet amabwera pamene wanena chinthu kenako ukupereka chifukwa kapena umboni wake. Mukafuna kuyamba ndi chifukwa, mutembenuze: Le camion est tombé en panne à Ndola, la livraison aura donc lieu jeudi. Onani kuti donc ndamulowetsa pambuyo pa aura. Kuyamba chiganizo ndi Donc kumamveka ngati mukulankhula, osati kulemba.

Anaphiri:
Zikomo kwambiri bambo. Koma popeza andifunsa funso, kodi ndisayambe ndi kuyankha funsolo?

A Mbewe:
Mwandigwira. Inde, ndalemba ngati kalata yoyamba. Pamwamba penipeni ikani mzere uwu: Non, la livraison ne dépend pas du paiement, et je vous prie d'excuser ma formulation. Mukatero chiganizo chomaliza chija chakuti Ce point est sans effet mutha kuchichotsa, chingakhale kubwereza.

Anabanda:
Bambo Mbewe, ndifunseko. Ine ndinaphunzitsidwa kuti en revanche amatsogolera nkhani yabwino yokhayokha, yolipira yoipa imene yatchulidwa, ndipo nkhani yoipa imatsogoleredwa ndi par contre. M'kalata mwanumu zagwirizana, poti thiraki yachiwiri ndi nkhani yabwino. Koma kuntchito kuno ndimalandira maimelo ngati « Le prix nous convient, en revanche, le délai est trop long », ochokera kwa eni chinenero. Mtengo tagwirizana nawo, koma nthawi yatalika. Apa yoipa ndi imene ili kumapeto. Akulakwitsa?

A Mbewe:
Sakulakwitsa. Mtengo ndi nthawi ndi mbali ziwiri za malonda amodzi, sikelo ikugwira. Lamulo limene munaphunzitsidwalo lili ndi mbiri yake. Voltaire, mlembi wotchuka wa ku France wa kalekale, ankadana ndi par contre, ndipo pambuyo pake aphunzitsi ambiri anakhala akuuza ana kuti ndi mawu a ogulitsa m'sitolo, olemba bwino azilemba en revanche. André Gide, mlembi wina wa ku France, ndi amene anawatsutsa ndi chitsanzo chimene chimatchulidwabe mpaka lero: mayi akunena kuti mchimwene wake ndi mwamuna wake abwerako amoyo kunkhondo, koma ana ake awiri aamuna anafera komweko. Gide ankafunsa ngati mayi wotere anganene en revanche pamenepo, ngati kuti imfa ya ana ikulipira kanthu. Sangatero. Apo par contre ndiye woyenera. Kuchokera pamenepo ena anapanga lamulo lakuti yabwino en revanche, yoipa par contre. Ndi lothandiza pa nkhani zolemera ngati imfa kapena ngozi. Pa mitengo ndi masiku a katundu, anthu salitsatira.

A Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa ku France, nawo amati par contre sitinganene kuti ndi cholakwika, koma amalangiza kumupewa ngati pali liwu lina loti n'kulowa m'malo mwake. Ine pa kalata yopita kwa munthu amene sindinadye naye nsima ndimalemba en revanche.

Nkhoma wa Mathiraki:
Ndiye mwavomera kuti par contre wanga si wolakwika. Ine ndipitiriza. Ndipo ndikuuzeni, bwana wa ku Lubumbashi ukamulembera en revanche amaona ngati ukudzikweza.

Anabanda:
Achimwene, zimenezo ndiye sindikugwirizana nazo. Anzanga a ku Congo amene ndimaphunzira nawo kuno amalemba Chifalansa chaulemu kuposa Afalansa eni ake. Pa foni ndi pa geti la boda n'zina, pa kalata ya ofesi n'zina.

Nkhoma wa Mathiraki:
Anzanuwo ndi a ku yunivesite. Ine ndikunena ogula mpunga.

A Tembo a ku Tete:
Pepani ndalowerera mochedwa, netiweki kuno ikuvuta. Ife a Chipwitikizi nkhani iyi imatipepukira pang'ono. En revanche ndi em contrapartida, d'ailleurs ndi aliás. Koma par ailleurs ine ndakhala ndikumutenga ngati por outro lado, ndipo por outro lado nthawi zambiri amatsutsa. Mu dikishonale yanga ya Chifalansa analembanso kuti par ailleurs ndi « d'un autre côté ». Ndiye a Nkhoma sanalakwe kwenikweni ponena kuti ndi "koma". Kapena bwanji, akuluakulu?

A Mbewe:
A Tembo, funso labwino, ndipo apa ndivomere kuti mpanda wake si wa njerwa. Madikishonale amaterodi. "Mbali ina" imeneyo itha kukhala mbali ina ya chinthu chomwecho. Mwachitsanzo: ce chauffeur, par ailleurs très prudent, a oublié les documents. Dalaivala uyu, amene pa zina zonse ndi wosamala, waiwala mapepala. Apa pali kafungo kotsutsa ndithu. Koma onani pamene waima, pakati pa chiganizo, atatsamira pa mawu ofotokoza munthuyo. Akaima kumayambiriro kwa ndime mu imelo, ndi mpumiro pambuyo pake, pafupifupi aliyense amamva kuti "nkhani ina". Kutsutsa ngati kulipo kumachokera m'ziganizo zenizenizo, osati mwa iye.

Kayeseni motere. Chotsani par ailleurs muikepo "pa nkhani ina". Ngati chiganizo chikumvekabe, ali pamalo pake. Pa en revanche ikanipo "pomwe" wathu woyerekeza uja: yoyamba ifika Lachinayi pomwe yachiwiri ifika Lachisanu monga tinapangana. Zikumveka. Tsono yesani pa kalata yoyamba ija: katundu achedwa pomwe ndalama yanu sitinalandire. Mukumva mmene ikulumira?

Anaphiri:
Ikuluma zedi. Ndikanailemba m'Chichewa sindikanatumiza.

A Tembo a ku Tete:
Chabwino, koma ine ndikuonabe kuti pali maimelo amene par ailleurs woyamba chiganizo amatsutsa. Ndikapeza chitsanzo m'makalata akuntchito ndibweretsa.

Chisale Wamng'ono:
Ine ndikukonzekera mayeso a Chifalansa a DELF B2 ndipo aphunzitsi athu amati tiziika mawu olumikizira ambiri chifukwa pali malikisi ake. Anatipatsa pepala lonse: tout d'abord, ensuite, en outre, par ailleurs, néanmoins, en définitive. Ndiye inu mukuti tichepetse. Ndimvere ndani?

Anabanda:
Mvera onse awiri. Pa B2 umalemba mawu osachepera 250 ndipo ukuteteza maganizo ako, ndiye wochonga amayang'anadi ngati mfundo zikugwirana. Koma sawerenga kuti waika angati, amaona ngati ali pamalo pake. Ukaika néanmoins pamene palibe chotsutsana wadziulula wekha kuti unangoloweza pepala. Imelo ya Anaphiri ndi ya mizere isanu ndi umodzi, munthu akuiwerengera pa foni ali mu depoti. Tout d'abord ndi en définitive alowa pati?

Chisale Wamng'ono:
Nanga en effet ndi en fait si chimodzimodzi? Ine ndimasinthanitsa kuti ndisabwereze liwu limodzi.

Anabanda:
Ayi iwe! En effet akuvomereza, en fait akukonza. Abwana akakulembera kuti lipoti lachedwa, iwe n'kuyankha « En effet » ndiye kuti "zoonadi, lachedwa". Ukayankha « En fait » akudikira kuti uwauze kuti alakwitsa, mwina unatumiza kale. Tangoganiza kalata ya Anaphiri itati « La livraison aura lieu jeudi. En fait, le camion est tombé en panne ». Zikumveka ngati poyamba amabisa, tsopano akuulula.

A Mbewe:
Anabanda afotokoza bwino. Ndiwonjezere kamodzi kokha, poti Chisale wanena za kuopa kubwereza. Mantha amenewo ndi amene amabala zolakwika zambiri. Munthu walemba de plus kamodzi, akufuna kuwonjezera mfundo ina, ndiye akuti ndisinthe, n'kutola d'ailleurs chifukwa akufanana ndi par ailleurs pa maonekedwe. Koma awiriwa amayenda mosiyana. Par ailleurs akutuluka m'nkhani, d'ailleurs akubwerera m'nkhani yomweyo kudzaikhomerera. Ce transporteur est fiable. D'ailleurs, nous travaillons avec lui depuis cinq ans. Wonyamula katunduyu ndi wodalirika, ndipotu tagwira naye ntchito zaka zisanu. Chachiwiricho ndi umboni wa choyamba, woponyedwa ngati wapambali. Ngati mfundo yanu yachiwiri si umboni wa yoyamba, d'ailleurs asiyeni. Ndipo ngati mulibe liwu loyenera, yambani ndime yatsopano popanda kalikonse. Mzere wodumphidwa nawonso umalankhula.

Nkhoma wa Mathiraki:
Nanga du coup? Ana a masiku ano chiganizo chilichonse du coup, du coup.

Anabanda:
Kuno ndiye ndi mliri, ngakhale ine wandilowa. Pakamwa palibe vuto, kwa mnzako pa foni palibe vuto. Kwa kasitomala amene wakwiya kale, ayi. Du coup ndi "choncho" wa pakamwa, polemba ikani donc kapena par conséquent.

A Tembo a ku Tete:
Ine nkhawa yanga ndi ina. Bambo aja akwiya chifukwa cha ndalama. Bwanji osaichotseratu nkhani ya ndalamayo lero, n'kudzaitumiza payokha Lachisanu katundu atafika? Ngakhale muike par ailleurs wokongola bwanji, munthu akuona kuchedwa ndi ngongole pa tsamba limodzi. Mpanda wa mawu awiri sungabise zimenezo.

A Mbewe:
Pamenepo sindingakutsutseni mwamphamvu. Liwu lolumikizira limangonena ubale wa nkhani ziwiri, silingafafanize kuti mwaziika pamodzi. Ikanakhala kalata yoyamba, ndipo ine ndikanakhala mwini kampani, mwina ndikanadikira. Koma pano nkhani ya ndalama yatuluka kale, bambo aja aifunsa. Kungoti zii osaitchula kungaoneke ngati tikuzemba. Ine ndikanaisiya m'ndime yakeyake, yaifupi, ndi sauf erreur de notre part uja, amene akuwapatsa mpata wonena kuti "tinalipira, yang'ananinso".

A Tembo a ku Tete:
Mzere woyamba uja wakuti Non, la livraison ne dépend pas du paiement wayankha kale. Kubwerezanso pansi kuti ndalama sinafike ndi kutokosa chilonda.

Anabanda:
Ine ndili mbali ya a Tembo pa ichi.

Anaphiri:
Ndawafunsa abwana. Akuti ndalama itchulidwe basi, iwo ndi amene akudziwa mmene akauntiyo ilili. Ndiye ndatsatira ya bambo Mbewe. Ndatumiza iyi:

Bonjour Monsieur,

Non, la livraison ne dépend pas du paiement, et je vous prie d'excuser ma formulation.

Les 400 sacs prévus mardi seront livrés jeudi : le camion est tombé en panne à Ndola. Le second camion (200 sacs), en revanche, arrivera vendredi comme convenu. Pourriez-vous nous confirmer l'adresse du dépôt ?

Par ailleurs, sauf erreur de notre part, le solde de la facture ne nous est pas encore parvenu.

Cordialement,

En effet ndamuchotsa, ndaika timadontho tiwiri, ndinaona ngati zikuyenda msanga. Ndalakwitsa?

A Mbewe:
Simunalakwitse, mwachita bwino kuposa ine. Timadontho tiwiri m'Chifalansa timagwira ntchito ya "chifukwa" popanda phokoso, ndipo ndaona mwasiya kampata tisanabwere, monga amalembera ku France. Chimodzi chokha: mwapepesa pa kalembedwe koma kupepesa kwa kuchedwa kwa katundu kwasowa. Si nkhani yoti n'kutumizira imelo ina, mukanene pa foni.

Chisale Wamng'ono:
Funso lomaliza. Pa au contraire palibe amene wanenapo. Sakanalowa m'malo mwa en revanche pa thiraki yachiwiriyo?

A Mbewe:
Akanalemera. Au contraire amafuna zinthu zotembenukirana kwenikweni, ndipo amakonda kubwera pambuyo pa kukana: ce retard ne nous arrange pas, au contraire, il nous coûte de l'argent. Kuchedwaku sikukutikomera, m'malo mwake kukutidyera ndalama. Thiraki yachiwiri ikanakhala kuti ifika msanga kuposa tsiku lopangana, mwina. Koma ikungofika pa tsiku lake.

Anaphiri:
Ayankha! Ayamba ndi Bonjour Madame ulendo uno. Atumiza adiresi, ndipo akuti « Le virement a été effectué vendredi, je vous joins d'ailleurs le justificatif ». Akuti analipira Lachisanu lapitali ndipo aphatikiza umboni. Ndathamangira kwa a akaunti, akuti ayang'ana mawa m'mawa poti sisitimu yagwa.

Anabanda:
Mwamuona d'ailleurs wawoyo mmene wakhalira? "Ndinalipira, ndipotu umboni ndi uwu."

Nkhoma wa Mathiraki:
Achemwali, thiraki yafera pati ku Ndolako? Ngati ili cha kumsewu wa ku Kitwe ndili ndi makaniko wanga kumeneko, ndikupatseni nambala kumbali. Lachinayi limenelo musalilonjeze kawiri musanamve kuti chafa n'chiyani.

Anaphiri:
Dalaivala akuti ndi giyabokosi. Nditumizireni nambalayo achimwene.